Chithunzi chomwe chinafuna kugwetsa mtengo wa kachewere ku Bembeke

Lachiwiri pa 14 Meyi 2024, tsiku la Kamuzu, alamu anga a ku Bembeke anandiimbira foni dzuwa lisanathamangitse nkhungu. Sanayambe n'kufunsa za ana monga amachitira masiku onse. "Alamu, mwaiona nkhaniyi? Akuti boma laletsa kutulutsa kachewere m'Dedza ndi m'Ntcheu kuyambira Lachisanu, ati kwagwa matenda. Ine matumba 40 ali pakhonde pano. Venda waima ndi lole kumsewu, akuti ndimupatse pa theka la mtengo msewu usanatsekedwe." Ndinawafunsa komwe anazimva. Anati zili pa gulupu ya WhatsApp ya kalabu yawo ya alimi, ndipo si mphekesera ayi, chifukwa pali chithunzi. Patapita mphindi pang'ono ananditumizira.

Chinali sikirinishoti, chithunzi chojambula zomwe zili pagalasi la foni. Chinkaoneka ngati uthenga womwe nyumba ina yofalitsa nkhani yodziwika bwino m'dziko muno yalemba pa X, tsamba lomwe kale tinkalitcha Twitter. Chizindikiro cha nyumbayo chinalipo, dzina linalipo, kachizindikiro kabuluu kochonga kanalipo. Sinditchula nyumbayo chifukwa sinalakwe kanthu, inangoberedwa nkhope. Alamu anga ndi munthu wochenjera, wosagulitsidwa feteleza wosakaniza ndi mchenga, koma pa chithunzi ichi anagwada. Ndipo sindikuwadzudzula. Tinakula tikudziwa kuti mawu apakamwa amauluka koma cholembedwa chimakhala, ndiye chinthu chikabwera ndi chizindikiro, tsiku ndi nthawi, mtima umachilandira ngati kalata yodinda.

Maganizo anga pankhaniyi ndi awa, ndipo ndiwanene msanga. Tizinthu ting'onoting'ono tozungulira uthenga pa sikirinishoti, tomwe maso amatidumpha pothamangira mutu wankhani, timatha kugwira wabodza. Koma sitingatsimikize kuti nkhani ndi yoona. Munthu wodziwa mbali yoyamba yokhayo amapusitsidwa moposa wosadziwa kalikonse, chifukwa akafufuza n'kusapeza chilema amafalitsa bodzalo molimba mtima.

Tiyambe ndi chithunzi cha alamu angacho. Ndinachikulitsa ndi zala ziwiri, n'kusiya dala kuwerenga uthengawo, n'kuyamba kuyang'ana m'mphepete. Pamwamba penipeni panalembedwa `Post`. Pansi pa uthenga panali nthawi ndi tsiku, `7:40 PM · May 13, 2024`, ndipo kutsogolo kwake panali mawu akuti `Twitter for Android`. Mzere wotsatira unali ndi chiwerengero ndi mawu akuti `Retweets`. Apa mpamene panagona nkhani. Mawu osonyeza mtundu wa foni yomwe munthu walembera, `Twitter for Android` kapena `Twitter for iPhone`, anachotsedwa kumapeto kwa 2022, Elon Musk atangogula kampaniyo. Mu Julayi 2023 dzina linasintha kukhala X, kambalame kanachoka, ndipo m'chaka chomwecho `Tweet` inasanduka `Post` pomwe `Retweet` inasanduka `Repost`. Ndiye chithunzichi mutu wake unali wa pambuyo pa Julayi 2023, miyendo yake ya 2022, tsiku lake la 2024. Zili ngati munthu akuonetseni ndalama ya K5,000 yosainidwa m'nthawi ya Kamuzu. Pepalalo likhoza kuoneka bwino, koma zinthu ziwirizo sizinakhalepo pamodzi.

Zimenezi zimachitika chifukwa opeka ambiri sajambula kanthu pa X penipeni. Amapita pa masamba a pa intaneti omwe amakupatsa chikombole: ulembe dzina apa, uike chithunzi apa, ulembe uthenga, usankhe chiwerengero cha okonda uthengawo, basi chithunzi chatuluka. Zikombolezi zambiri zinapangidwa kalekale ndipo eni ake amangokonza apa ndi apo, pomwe X, Facebook ndi WhatsApp zimasintha maonekedwe pafupipafupi. Njerwa imatuluka ndi chilema cha chikombole chake.

Chachiwiri chinali dzina lotsatira chizindikiro cha `@`. Pa X munthu amakhala ndi mayina awiri. La pamwamba, lolembedwa mokhuthala, aliyense angalembe chomwe wafuna, ngakhale kudzitcha nduna. La pansi, loyamba ndi `@`, ndiye lenileni, ndipo lili ndi malamulo: silipitirira zilembo 15, ndipo limalola zilembo, manambala ndi kamzere kapansi `_` basi. Kadontho, mpata kapena kamzere kapakati sizilowa. Dzina la pachithunzi cha alamu ndinaliwerenga kawiri ndi nsonga ya cholembera: zilembo 18, ndi kadontho pakati. Dzina lotero silingakhalepo pa X, ngakhale mwini kampaniyo atalifuna. Ichi ndi chilema chomwe ndimachikonda kuposa zonse chifukwa sichifuna kukumbukira chaka chilichonse. Kuwerenga mpaka 15 aliyense amatha.

Chachitatu chinali masamu. Kuyambira mu Disembala 2022, X imasonyeza kuti uthenga waonedwa kangati, pa mawu akuti `Views`. Chithunzichi chinkati uthenga waonedwa ka 312, koma okonda uthengawo ndi 2,100. Munthu sangakonde chomwe sanachione. Pa uthenga weniweni chiwerengero cha oona chimakhala chachikulu kutalitali kuposa cha okonda, chifukwa ambiri timangoona n'kupitirira. Wopekayo anafuna kuti nkhani ioneke yotentha, anadzaza manambala pomwe maso amafikira, n'kuiwala bokosi limodzi.

Nanga kachizindikiro kabuluu kaja? Alamu anga anakakamira pamenepo. "Komatu pali tiki, alamu." Ndinawauza kuti tiki ndi kachithunzi chabe, kamamatidwa ngati sitampa. Kuwonjezera apo tanthauzo lake linasintha. Kale kankasonyeza kuti kampaniyo yatsimikiza kuti mwini tsambalo ndi iyeyo. Mu Epulo 2023 matiki akalewo anachotsedwa, ndipo labuluu linakhala makamaka la wolipira mwezi ndi mwezi. Makampani olipira amapatsidwa lagolide, maboma lotuwa. Choncho ngakhale uthengawo ukanakhala kuti ulipodi pa X, tiki yabuluu sikanatitsimikizira kuti wolembayo ndi nyumba yofalitsa nkhani ija.

Ndinawalembera alamu zonsezi mwachidule, ndipo iwo anaziponya pa gulupu yawo. Sipanathe ola, wina anaponyapo chithunzi chachiwiri, ati umboni wochokera kwa mlangizi. Ichi ndicho chandichititsa kulemba ndemangayi, chifukwa X ndi ya anthu ochepa kwathu kuno, koma WhatsApp ili m'thumba la pafupifupi aliyense wokhala ndi foni yotsetsereka, ndipo timaganiza kuti timaidziwa.

Chithunzicho chinkasonyeza macheza. Pamwamba panalembedwa kuti "Mlangizi". Kumanja kunali funso lofunsa ngati n'zoona kuti kachewere waletsedwa. Kumanzere kunali yankho loti inde, alimi agulitse msanga. Pansi pa yankholo panali nthawi, ndi timatiki tiwiri tabuluu. Tsegulani WhatsApp yanu pompano muone. Uthenga womwe mwatumiza inuyo umakhala kumanja, ndipo ndi wokhawo umakhala ndi timatiki: kamodzi kotuwa ukachoka m'foni mwanu, tiwiri totuwa ukafika m'foni ya mnzanu, tiwiri tabuluu akauwerenga. Uthenga womwe mwalandira umakhala kumanzere, uli ndi nthawi yokha, wopanda tiki. Timatiki ntchito yake ndi kuuza wotumiza za ulendo wa uthenga wake. Wolandira safunika kuuzidwa kuti wawerenga. Yankho la "Mlangizi" lokhala kumanzere litavala timatiki linali lochita kumata. Panalinso china: funso linali la 9:52, yankho lili pansi pake linali la 9:47. Mlangizi ameneyu anayankha asanafunsidwe.

Tinaseka, koma ine kuseka kwanga kunali kwa pakamwa pokha. Wopekayo anadzivutitsa chabe. Kuti apange macheza abodza opanda chilema chilichonse sankafunika chikombole. Akanangotenga foni ya mkazi wake, n'kusunga nambalayo m'foni mwake pa dzina loti "Mlangizi", n'kudzifunsa yekha, n'kudziyankha yekha, n'kujambula. Dzina lomwe limaoneka pamwamba pa macheza a WhatsApp ndi lomwe mwini foni analemba posunga nambala. Mungasunge nambala ya mwana wanu pa dzina la bwanamkubwa, WhatsApp sikufunsani. Timatiki tikanakhala pamalo pake, nthawi zikanatsatana bwino, ndipo ine ndi luso langa lonse ndikanangoti kakasi.

Pa nkhani za m'manyuzipepala ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Mphwanga ali ndi kashopu kosindikiza mapepala pa boma pa Dedza, ndipo tsiku lina ndikumufotokozera za zilembo 15 zija anangomwetulira n'kunena kuti, "Malume, takhalani apa muone." Anatsegula tsamba la nyuzipepala pa laputopu yake, tsamba lenileni, adiresi yake ikuoneka pamwamba. Anadina `F12`, m'mbali munatseguka kabokosi ka anthu opanga masamba, anapita pa `Console` n'kulemba mzere umodzi:

```
document.designMode = "on"
```

Kuchokera apo tsamba lonse linasanduka ngati kalata yomwe akulemba yekha. Anafufuta mutu wankhani n'kulembapo kuti ine ndasankhidwa kukhala mfumu ya mpira m'dziko muno. Zilembo zinali zomwezo za nyuzipepalayo, kukula komweko, mtundu womwewo, tsiku lolondola, dzina la mtolankhani lili pamalo pake, adiresi pamwamba yeniyeni. Sizinathe mphindi ziwiri. Sanathyole tsamba la eni ake, ndipo palibe wina padziko amene anaona kusinthako. Anangosintha kope lomwe linali pa laputopu yake. Atadina `F5` mutu weniweni unabwerera. Koma akanajambula asanadine, chithunzicho chikanapambana mayeso onse omwe ndafotokoza pamwambapa.

N'chifukwa chake ndimakana anthu akamaphunzitsa tizizindikiro timeneti ngati kuti ndi sikelo yoyezera choona. Ndi sefa yogwira miyala ikuluikulu. Mchenga umadutsa. Ndimagwiritsabe ntchito sefayo chifukwa mabodza ambiri omwe amafika m'magulupu athu ndi a anthu aulesi ndi othamanga, ndipo kugwira chilema chooneka ndi maso kumathetsa mkangano msanga kuposa kulalikira. Alamu anga sakanamva zoti "musamakhulupirire za pa intaneti". Anamva zoti dzina lili ndi zilembo 18, chifukwa anawerenga okha.

Pali chilema china chomwe chimagwira opeka a mtundu wachitatu, omwe amatenga sikirinishoti yeniyeni n'kupaka mutu wake utoto n'kulembapo wawo. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo chithunzi chikamajambulidwanso n'kutumizidwanso chimanka chizimiririka. Kuzimiririkako kumagwira chithunzi chonse mofanana. Mukaona chizindikiro cha nyuzipepala ndi tsiku zili mbuu koma mutu wankhani uli ngwee ngati wolembedwa lero, dziwani kuti mutuwo ndi mlendo. Kawirikawiri mukakulitsa mumaonanso kuti kuyera kwa kuseri kwa mawuwo kwasiyana pang'ono ndi kuyera kwa tsamba lonse, ngati chigamba cha laimu watsopano pakhoma lakale. Yang'ananinso zilembo monga a, g ndi y, muzifanizire ndi za m'mizere ina ya chithunzi chomwecho. Tsamba lililonse lili ndi kaumbidwe kake ka zilembo. X inayamba kugwiritsa ntchito kakekake mu 2021. Wopaka utoto amalemba ndi zilembo zomwe zili m'foni mwake. Ndipo ngati pali tsiku la sabata, tsegulani kalendala. Nkhani yolembedwa kuti Lolemba pa 14 Meyi 2024 yadzigwira yokha, chifukwa tsikulo linali Lachiwiri.

Tsopano ndinene mbali yomwe anzanga okonda kugwira mabodza sakonda kuimva. Si chachilendo chilichonse chomwe chili umboni wa bodza, ndipo kwathu kuno zachilendo zosalakwa n'zambiri. Mnzanga wina anakana chithunzi china ati chifukwa pamwamba pake, pomwe pamakhala dzina la netiweki, panalembedwa Movitel m'malo mwa TNM kapena Airtel, ndiye chachokera kunja. Munthu ameneyu sanakhalepo pa Lizulu. Msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kutsikira ku Ntcheu umayenda m'malire enieni, kwina tsidya lina la msewu ndi Mozambiki, ndipo anthu a ku Lizulu, Tsangano ndi Biriwiri ambiri ali ndi simu za tsidya linalo. Nthawinso ya maiko awiriwa ndi imodzi. Dzina la netiweki limangokuuzani za foni yomwe inajambula, osati za uthengawo.

Momwemonso ambiri mwa ife timagwiritsa ntchito Facebook Lite, yomwe maonekedwe ake amasiyana ndi Facebook inayo. Ena ali ndi WhatsApp zosavomerezeka zija zosintha mitundu ndi timatiki. Ena sanakonzenso mapulogalamu a m'foni mwawo kwa zaka chifukwa choumira bandulo, ndiye akhoza kukhala ndi maonekedwe akale pa uthenga watsopano. Ichi n'chifukwa chake pa chithunzi cha alamu sindinadalire mawu akale okha. Chomwe chinachigwetsa n'chakuti zakale ndi zatsopano zinali pa chithunzi chimodzi. Foni yosakonzedwa ikanasonyeza zakale zokhazokha. Nthawi nayo isakupusitseni: X ndi Facebook zimasonyeza nthawi molingana ndi komwe kuli woonayo, kotero uthenga umodzi wojambulidwa ku Ntcheu ndi ku London usonyeza maola osiyana, onse ali oona. Ndipo kalembedwe ka tsiku, kuyamba ndi mwezi kapena kuyamba ndi deti, kamatengera momwe foni inatcheredwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothamangira kukuwa kuti "feki!" pa chilichonse amavulaza gulupu mofanana ndi wofalitsa bodza, chifukwa tsiku lomwe chenjezo lenileni la kolera kapena la mlatho wokokoloka lidzabwere ngati sikirinishoti, anthu adzaliseka.

Ndiye chotsala n'chiyani? Kubwerera komwe uthengawo akuti unachokera. Uthenga uliwonse wa pa X kapena pa tsamba la Facebook la nyumba yofalitsa nkhani uli ndi linki yake. Nkhani iliyonse ya pa tsamba la nyuzipepala ili ndi adiresi yake. Wotumiza sikirinishoti afunsidwe linki, ndipo akaitumiza tiyang'ane adiresiyo chilembo ndi chilembo, chifukwa `mwnation.com`, `times.mw`, `zodiakmalawi.com` ndi `mbc.mw` ndi maadiresi enieni, koma wina akhoza kutsegula tsamba lofanana nawo powonjeza chilembo chimodzi, kapena kuika `I` wamkulu pomwe pali `l` wamng'ono, zomwe pagalasi zimaoneka ngati mapasa. Linki ikasowa, fufuzani nokha. Pa Google mukalemba `site:` motsatizana ndi adiresi ya nyuzipepala, kenako mawu awiri atatu a mutuwo, imakufufuzirani m'tsamba lokhalo. Pa X mukalemba `from:` motsatizana ndi dzina lenileni la tsambalo, mumaona zolemba zawo zokha. Pa Facebook, gawo la `Page transparency` limakuuzani tsiku lomwe tsamba linatsegulidwa ndiponso ngati linasinthapo dzina. Tsamba lodzitcha wailesi yakalekale koma lotsegulidwa mwezi watha silifunanso kufunsira kwa wina.

Tsiku lija ndinachita zomwezo. Pa tsamba lenileni la nyumba ija, madzulo a pa 13 Meyi panali nkhani zina, za kachewere panalibe. Wina pa gulupu anati mwina anafufuta. Zimathekadi, mauthenga amafufutidwa. Koma nkhani yoletsa malonda a maboma awiri omwe amadyetsa Lilongwe ndi Blantyre tchipisi singafufutike osasiya mapazi. Pakanakhala anthu oyankha, nyumba zina zikanailemba, wailesi ikanainena pa nkhani za m'mawa, alangizi enieni akanauzidwa, apolisi a pa zipata za pamsewu akanadziwa. Ndinawauza alamu kuti atume mwana kumsewu akaone ngati malole akudutsa. Ankadutsa, odzaza mpaka pamwamba. Ndinawafunsanso funso lomwe lilibe chochita ndi foni: ngati msewu ukutsekedwa Lachisanu chifukwa kachewere ali ndi matenda, venda akumufuniranji kachewere wodwalayo, ndipo n'chifukwa chiyani chithunzicho chafika tsiku la tchuthi, maofesi onse a boma ali otseka, pomwe palibe woti n'kumufunsa? Sindinganene kuti venda uja ndi amene anapeka chithunzicho. Mwina nayenso anangochilandira n'kuona mwayi. Koma bodza lililonse lokhudza mtengo lili ndi woti adyepo, ndipo kufunsa kuti adyepo ndani sikufuna bandulo.

Pali chotsutsa chimodzi chomwe ndimachilemekeza, ndipo alamu anga ndi amene anachinena. "Inu mukuti linki, linki. Ine ndimagula bandulo ya WhatsApp yokha. Linki ndikaidina siitseguka." N'zoona, ndipo apa mpomwe pali muzu wa vutoli. Mabandulo otsika mtengo omwe anthu ambiri amakwanitsa ndi a WhatsApp kapena Facebook basi. Kwa munthu wotere sikirinishoti ndiyo nyuzipepala yake, ndipo ambiri otumiza zithunzi m'malo mwa linki amatero pofuna kuthandiza anzawo, osati kuwanamiza. Kuuza mlimi wa ku Bembeke kuti azifufuza yekha nkhani iliyonse n'kumunyoza.

Yankho langa n'lakuti katunduyu asasenzetsedwe wolandira. Asenze ndi amene wabweretsa chithunzi pagulu, ndi amene ali ndi bandulo yokwanira. Gulupu iliyonse, ya mpingo, ya kalabu, ya banki mkhonde, ya makolo a pasukulu, ili ndi mphunzitsi, wazaumoyo kapena mwana wa kutauni yemwe angatsegule linki. Adimini akhazikitse lamulo limodzi lokha: chithunzi cha nkhani chibwere ndi linki pansi pake, ndipo chopanda linki chidikire mpaka mmodzi mwa okhala ndi bandulo achione. Wotumiza akanena kuti "nanenso ndangolandira", ameneyo ndi kandimverere, ndipo tonse tikudziwa zomwe anakanena. WhatsApp yokha imatithandizako pang'ono: kuyambira 2018 imalemba `Forwarded` pa uthenga wongopatsirana, ndipo ukadutsa m'manja ambiri imalemba `Forwarded many times` ndi timivi tiwiri. Koma chizindikirochi chimangonena kuti uthenga wayenda, ndipo chimasowa munthu akasunga chithunzicho m'foni n'kuchitumiza ngati chake. Chithunzi cha alamu chinalibe chizindikirochi, ndipo iwo anayesa kuti ndiye kuti wotumizayo anachijambula yekha.

Ena amati mankhwala ake ndi kumanga anthu. Lamulo lilipo, la 2016, loona za mauthenga ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi Facebook. Ine sindiyembekezera zambiri kumeneko. Wopeka chithunzi sasiya dzina lake pachithunzipo. Amene amaoneka ndi mayi wa kumpingo yemwe anachitumiza pa gulupu pofuna kuchenjeza anzake. Ndipo poti sikirinishoti imapekeka mosavuta chonchi, ine chomwe chimandiopsa kwambiri ndi mbali inayo: munthu kutengeredwa ku bwalo la mfumu, kuchotsedwa ntchito kapena banja kutha chifukwa cha chithunzi cha macheza omwe sanalembe. Ankhoswe masiku ano akuweruza milandu ya zithunzi zotere. Ndikanakonda akanamafunsa foni yeniyeniyo, atsegule machezawo, adine dzina lili pamwambalo aone nambala yomwe ili kuseri kwake, n'kuiyerekeza ndi ya woimbidwa mlanduyo. Wokana kubweretsa foni koma n'kumaumirira chithunzi wanena kale zambiri.

Alamu anga sanagulitse tsiku limenelo. Anzawo awiri a m'mudzi momwemo anagulitsa, mmodzi matumba onse, chifukwa ngongole ya feteleza inali pakhosi ndipo sakanatha kuyika chaka chonse pa mawu a mlamu wa mnzake wokhala kutali. Lachisanu linafika, malole anapitiriza kudutsa, ndipo pa gulupu palibe anapepesa. Chithunzicho chinangokwiriridwa ndi mauthenga a maliro ndi mavesi a m'mawa.

Chichokereni apo alamu anasanduka wapolisi wa gulupu yawo, ndipo nthawi zina amapitirira muyeso. Mwezi wathawu ananditumizira sikirinishoti ina atazunguliza dzina ndi mzere wofiira. "Alamu, ichinso n'chabodza. Taonani kadontho, ndipo zilembo ndawerenga zakwana 19." Ndinachiyang'ana. Chinali cha pa Instagram, komwe kadontho n'kololedwa ndipo dzina limatha kufika zilembo 30. Ndinatsegula tsambalo, uthengawo unalipo, mawu ake omwewo. Ndinawaimbira kuwauza kuti afufute zomwe analemba pa gulupu, ndipo anadandaula kuti ndiye aziloweza malamulo a tsamba lililonse ngati ali ku sukulu. Ndinati ayi, angonditumizira, bandulo ndili nayo.